Ntchito ikuchuluka koma ndalama sizikuoneka: ŵerengani maola, osati makwacha okha

Funso: Ndine telala, ndili ndi kashopu ku Nsungwi ku Area 25. Ntchito sindisowa. Ndimasoka zaukwati, yunifomu ya sukulu ina yapulaiveti, komanso ndimakonza zovala za kaunjika zomwe anthu amabweretsa. Masiku ena ndimaweruka usiku, koma mwezi ukatha lendi imandivuta. Ndingadziwe bwanji ntchito ndi makasitomala omwe akundipindulira, ndi omwe akungonditopetsa?

Yankho: Mayi, ndikanakhala pa shopu panu lero ndikanapempha kuona kabuku kamene mumalembamo miyeso ya anthu. Ndikukhulupirira kuti muli dzina, chiuno, utali, mtengo ndi ndalama yomwe munthu wasiya. Chimene sindingapezemo ndi nthawi. Pazaka zomwe ndakhala ndikuthandiza anthu a mabizinesi ang'onoang'ono kusunga mabuku muno mu Lilongwe, mpata umenewu ndaupeza pafupifupi paliponse pomwe munthu amagulitsa luso la manja ake. Wogulitsa shuga amadziwa mapaketi omwe anapikula ndi omwe atsala. Inu katundu wanu weniweni ndi maola a tsiku, ndipo mukuwagulitsa osawaŵerenga.

Nambala yomwe tikufuna ndi imodzi: ntchito iliyonse ikukusiyirani ndalama zingati pa ola. Kuti tiipeze, tiyambe ndi kudziwa kuti ola limodzi la shopu yanu limadya zingati.

Lembani zonse zomwe mumalipira pamwezi, kaya mwasoka kaya simunasoke. Ndigwiritsa ntchito manambala achitsanzo, inu muikemo anu. Tinene kuti lendi ndi K120,000, mayunitsi a magetsi K40,000, foni ndi bandulo K20,000, thiransipoti yanu yopita ndi kubwera K40,000, ndipo K20,000 mumaika pambali kuti makina akafa pakhale pogwira. Zonse pamodzi ndi K240,000. Pamwamba pake ikanipo malipiro anu. Apa ambiri amazengereza, amati bizinesi ndi yanga, ndidzilipira bwanji? Koma pakhomo pamafunika ufa, ndiwo ndi fizi, ndipo ndalamazo zimachoka m'thumba la shopu ngakhale musazilembe. Tinene kuti pakhomo panu pamafunika K300,000. Ndiye kuti shopu iyenera kutulutsa K540,000 pamwezi kuti isakubwezeni m'mbuyo.

Ndalama imeneyi musaigawe ndi maola omwe chitseko chimakhala chotsegula. Mukamatsegula 8 koloko n'kutseka 5 koloko, masiku 26 pamwezi, ndi maola 234. Koma m'maola amenewo muli kusesa, kudya nkhomaliro, kudikira magetsi, maliro, ndi masana ena omwe sipabwera munthu. Maola omwe amapita pa ntchito ya kasitomala amachepa kwambiri. Kabuku kadzakuuzani nambala yanu yeniyeni, koma pakadali pano tinene 150. Mukagawa K540,000 ndi 150 mupeza K3,600. Umenewu ndiwo muyeso wanu. Ntchito yosiya ndalama yoposa K3,600 pa ola ikukunyamulani. Yosiya yocheperapo, inu ndi amene mukuinyamula.

Tsopano kalembedwe. Gulani kope la sukulu lapadera, musasakanize ndi la miyeso. Ntchito iliyonse yaikulu ikhale ndi tsamba lake, pamwamba dzina la kasitomala ndi mtundu wa ntchito. Kumanzere muzilemba tsiku, chomwe mwachita, nthawi yoyamba ndi yomaliza. Kumanja muzilemba ndalama: zomwe mwagula chifukwa cha ntchito imeneyo, ndi zomwe mwalandira pamodzi ndi tsiku lolandirira. Ntchito zing'onozing'ono, monga kuika zipi kapena kupinda thalauza, zonse zikhale patsamba limodzi, chilichonse mzere wake. Simufunika kuŵerenga mphindi imodziimodzi. Kotala la ola n'lokwanira. Chofunika n'chakuti muzilemba nthawi yomweyo, mukamadzuka pa makina, osati madzulo. Munthu akamakumbukira madzulo amakumbukira kusoka kokha, ndipo kusoka si kumene kukukudyerani phindu.

Lamulo lake ndi ili: nthawi iliyonse yomwe simukanaitaya kasitomala ameneyu akanapanda kubwera, ndi yake. Kuyankha mauthenga ake pa WhatsApp, kumudikira atanena kuti ali pa Kanengo akubwera, kukwera minibasi kupita m'tauni kukafuna nsalu yamkati ya mtundu womwe iye akufuna, kusomola ndi kusokanso, kumuimbira foni kuti amalize ngongole. Zonsezo zilembedwe patsamba lake.

Tiyeni titenge ntchito zanu zitatu zija tiziike pa sikelo. Ndiyamba ndi yaukwati chifukwa ndi imene imanamiza atelala ambiri.

Mkwatibwi wabweretsa nsalu yake kuti musokere atsikana 8 omuperekeza, diresi lililonse K35,000. Ndi K280,000, ndalama yooneka, yoti ukailandira mtima umagunda. Mwagula nsalu yamkati, mazipi, ulusi ndi mikanda za K72,000, thiransipoti K8,000. Zatsala K200,000. Diresi lililonse limakutengerani maola 6 kudula ndi kusoka, ndiye maola 48. Mukaŵerenga chonchi mupeza ndalama yoposa K4,100 pa ola, ndipo munganene kuti ntchitoyi yayenda. Koma tsamba lija likunena zina. Kukambirana sitayilo pafoni, zithunzi zikusinthidwa katatu, maola 4. Kuyeza maola 5, chifukwa atsikanawo sanabwere pamodzi: awiri Lolemba, wina Lachinayi, wina wa ku Likuni anakudikiritsani masana onse. Ulendo wa m'tauni kawiri, maola 6, poti mtundu woyamba wa nsalu yamkati azakhali a mkwatibwi anaukana. Kuyesa ndi kukonzanso maola 12, chifukwa mmodzi anatumiza miyeso pafoni ndipo inali yolakwika, wina anafuna manja atalike diresi litatha kale. Kukapereka ndi kulondola ndalama yotsala ukwati utatha, maola 5. Maola obisikawa ndi 32. Ntchito yonse yadya maola 80, ndipo K200,000 kugawa ndi 80 ndi K2,500 pa ola.

Muyeso wanu unali K3,600. Ola lililonse mwaperewera K1,100, ndiye pa maola 80 mwaperewera K88,000. Palibe amene anakuberani. Mkwatibwi analipira zonse zomwe munagwirizana, mwinanso anakuthokozani pa ukwati. Koma theka la mwezi wanu linapita pa ntchito yomwe sinakwanitse gawo lake la lendi ndi chakudya, ndipo n'chifukwa chake kumapeto kwa mwezi wotanganidwa m'manja mumakhala mopepuka.

Anthu akaona nambala imeneyi amathamangira kukweza mtengo. Tiyeni tione. Kuti maola 80 alipidwe pa K3,600, pafunika K288,000, kuphatikiza K80,000 ya zipangizo, K368,000. Diresi lililonse likhala K46,000. Ku Area 25 kuli atelala ambiri, ndipo kuchoka pa K35,000 kufika pa K46,000 kungathamangitse kasitomala. Njira ina ndi kudula maola obisika aja. Sitayilo isankhidwe tsiku limodzi pa shopu, chithunzi chimodzi, mkwatibwi asaine m'kope: ola limodzi. Atsikana onse ayezedwe tsiku limodzi, ndipo miyeso ya pafoni musalandire: maola 2. Ulendo wa m'tauni ukhale umodzi, kachidutswa ka nsalu kali m'manja: maola 3. Kuyesa kamodzi ndi kukonza kamodzi zikhale mu mtengo, kusintha kwina kulikonse kukhale ndi mtengo wake womwe mwaunena poyamba: maola 5. Madiresi atengedwe pa shopu ndalama yonse italipidwa: ola limodzi. Maola obisika atsika kuchoka pa 32 kufika pa 12, ntchito yonse maola 60. Tsopano pafunika K216,000 kuphatikiza K80,000, ndiye K296,000, diresi lililonse K37,000. Mwangoonjezera K2,000 pa diresi, ndipo mwapulumutsa maola 20 oti mugulitse kwa wina. Ine ndimakonda njira imeneyi kuposa kukweza mtengo, chifukwa kasitomala wabwino malamulo otere samupweteka. Amene amadandaula nawo kaŵirikaŵiri ndi yemwe amadya maolawo.

Yunifomu ili ndi nkhani ina. Tinene kuti sukulu yaitanitsa madiresi 60 pa K9,000, ndiye K540,000, nsalu yogula inu. Nsalu, mabatani ndi ulusi K300,000, thiransipoti K10,000, zatsala K230,000. Ubwino wa yunifomu ndi woti sitayilo ndi imodzi, masaizi ndi ochepa, mumadula zambiri nthawi imodzi ndipo dzanja limazoloŵera. Kudula ndi kusoka maola 42, kugula ndi kukapereka maola 8, pamodzi 50. Ndi K4,600 pa ola, pamwamba pa muyeso. Ntchito yooneka yonyozeka, K9,000 pa diresi, yaposa yaukwati ya K35,000.

Koma apa ndi pomwe tsiku lolandirira ndalama limakhala lofunika kulilemba. Sukulu zambiri zapulaiveti zimalipira makolo akapereka fizi. Mwasoka mu Ogasiti kukonzekera kutsegulira kwa Seputembala, ndalama n'kubwera mu Okutobala. K300,000 ya nsalu ija munaitenga kuti? Ngati munakongola ku banki m'khonde komwe chiwongoladzanja ndi K20 pa K100 iliyonse pamwezi, miyezi iwiri ndi K120,000. Pa K230,000 patsala K110,000. Onjezanipo maola 5 opita ku ofesi ya sukulu kukauzidwa kuti abwana achokapo, maola akwana 55. Tsopano ntchito ija ikusiya K2,000 pa ola, pansi pa yaukwati. Ntchito ndi yomweyo, msoko ndi womwewo. Chasintha ndi tsiku lolipira basi.

Ngakhale mutagwiritsa ndalama zanu osakongola, kudikira kuli ndi mtengo wake. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo chaka cha 2022 mu Meyi inali itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti. Nsalu ndi mazipi zambiri zimachokera kunja, choncho amene anali atasoka pangongole nthawi imeneyo anadzalandira ndalama yosakwanira kugulanso nsalu yomweyo. N'chifukwa chake poŵerenga phindu la ntchito yochedwa kulipidwa, nsalu muziiŵerengera mtengo wa tsiku lomwe mwalandira ndalama, osati wa tsiku lomwe munagula. Chithandizo chake sichovuta: sukulu ipereke ndalama ya nsalu yonse musanadule, yotsalayo pokatenga. Akatero, ntchitoyi ibwerera pa K4,600 ndipo ndi yofunika kuigwira ndi manja awiri. Akakana, mudziwa kuti mukuwabwereka mpamba wanu popanda chiwongoladzanja, ndipo mtengo wa diresi uyenera kusonyeza zimenezo.

Zokonzakonza za kaunjika sizifuna mawu ambiri. Pamwezi zabwera 70, iliyonse pafupifupi K2,500, pamodzi K175,000. Mazipi ndi ulusi K25,000, zatsala K150,000. Iliyonse mphindi 20, ndi kulankhula komwe tinene maola 25. Ndi K6,000 pa ola, ndalama ya pompopompo, popanda ulendo, popanda ngongole. Munthu wagula jinzi ku msika wa Tsoka, akufuna ichepe m'chiuno, walipira, wapita. Ndaona atelala akubweza anthu otere kuti ndatanganidwa ndi zaukwati, osadziwa kuti akubweza K6,000 kuti asunge K2,500.

Pali malire omwe ndiyenera kukuchenjezani, chifukwa manambala amenewa akhoza kukusocheretsani mukawatenga mwaphuma. Choyamba, zokonzakonza ndi maola 25 okha pamwezi, pamene inu muyenera kugulitsa 150. Simungakhalire zimenezo zokha. Mungathe kuzikulitsa ndithu, polemba pachitseko kuti mumakonza zovala tsiku lomwelo ndi kupatula nthawi yake, mwina kuyambira 3 koloko, kuti zisamadule ntchito yaikulu pakati. Chachiwiri, ntchito ya K2,500 pa ola si yotaya nthawi zonse. Mu Janyuwale ndi Febuluwale, anthu ndalama zitapita ku feteleza ndi fizi, makina akangokhala, K2,500 iposa kukhala chabe, popeza lendi mulipira ndithu. Ntchito yotere imapweteka pa nyengo yomwe maola ndi osakwanira: maukwati a chilimwe, masabata oyandikira Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala pomwe aliyense akufuna chitenje chisokedwe, ndi Disembala. Nthawi imeneyo ola lililonse lomwe mwapereka motchipa mwalilanda kwa wina yemwe akanalipira bwino. Choncho muyeso wa K3,600 muziugwira mwamphamvu pa nyengo yotanganidwa, n'kuufeŵetsa pa nyengo yanjala.

Tsono za makasitomala. Mtundu wa ntchito ndi munthu wobweretsa ntchito ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kope lidzakuonetsani zonse. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, sonkhanitsani masamba a munthu mmodzi, muphatikize ndalama zotsala ndi maola onse. Mudzapeza amayi awiri osoketsa chovala chofanana pa mtengo wofanana, wina akusiya K5,000 pa ola, wina K2,000. Woyamba amabwera akudziwa chomwe akufuna, amayesa kamodzi, amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba asanatuluke. Wachiwiri ndi uja mumamutcha kasitomala wamkulu chifukwa amabwera mwezi ndi mwezi, koma amakhala maola awiri akucheza, amanenerera mtengo, amatenga chovala n'kunena kuti zotsalazo pakutha pa mwezi. Sindikunena kuti mumuthamangitse. Ulemu usachoke, koma ngongole ichoke, ndipo pocheza manja anu azikhala pa makina.

Musanamuweruze, onani chinthu chimodzi: kodi amakubweretserani anthu? Aliyense watsopano muzimufunsa kuti wakutumani ndani, dzinalo mulembe pamwamba pa tsamba. Mayi wovuta uja mwina ndi amene anakubweretserani gulu lonse la amayi a Mvano a kumpingo kwawo. Ngati zili choncho, maola omwe amakudyerani ali ngati ndalama yotsatsira malonda. Koma zikhale zolembedwa. Atelala ambiri amapirira ukwati wotayitsa ponena kuti anthu akaona madiresi abwera. Mwina abweradi. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi ŵerengani kuti abwera angati.

Za achibale ndinenepo pang'ono, chifukwa ndi nkhani yomwe timaiopa. Mlamu akabweretsa nsalu simungamutchulire mtengo ngati mlendo, ndipo sindikukuuzani kuti mutero. Koma tsamba lake likhalepo, maola alembedwe, ndalama ziro. Mukaona kuti mwezi uno maola 18 apita kwa abale, mudziwa kuti mwapereka mphatso ya pafupifupi K65,000. Mphatso yodziwa ndi yabwino. Mukhoza kusankha kuipereka mu Febuluwale m'malo mwa sabata ya ukwati wa kasitomala.

Magetsi akazima, maola amenewo musawaike pa kasitomala aliyense, si mlandu wake. Alembeni patsamba lakumapeto pamodzi ndi maola ena osagulitsidwa. Tsamba limeneli lili ndi ntchito yake: likakuonetsani kuti mwezi uliwonse maola 20 amathera kudikira magetsi, ndiye K72,000, ndipo mukhoza kuyerekeza ndi mtengo wa makina opalasa ndi phazi kapena kusintha kuti kudula, kuyeza ndi kusoka kwa pamanja muzichita magetsi akazima. Ngati muli ndi mtsikana wokuthandizani wolipidwa pamwezi, malipiro ake alowe m'zolipira za pamwezi zija, maola ake ogwira ntchito ya makasitomala aonjezedwe pa 150 uja, ndipo naye azilemba m'kope. Ngati mumamulipira pa chovala, ndalamayo ilembedwe kumanja kwa tsamba la ntchitoyo ngati zipi ndi ulusi.

Mungadziwe bwanji kuti kope lanu likunena zoona? Loweruka lililonse chitani mayeso awiri. Phatikizani maola onse a sabata, ogulitsidwa ndi osagulitsidwa. Ngati munali pa shopu maola 54 koma m'kope muli 30, maola 24 asoŵa, ndipo kaŵirikaŵiri osoŵawo ndi a kasitomala wovuta, chifukwa kudikira ndi kuimba foni sitikuona ngati ntchito. Mukaonanso kuti paliponse palembedwa maola athunthu, 2, 3, 2, dziwani kuti mwayamba kulemba za m'mutu. Mayeso achiwiri ndi a ndalama: zomwe kope likuti mwalandira, mukachotsa zomwe mwagula ndi zomwe mwatengera kunyumba, zifanane ndi za m'thumba kuphatikiza za mufoni. Mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba musafufute msanga, ali ndi tsiku ndi nthawi. Ndalama yodulidwa potapa kwa ejenti nayo ndi yotuluka, ilembedwe. Ndipo ndalama yomwe munthu wasiya poyamba musaione ngati phindu la sabata imeneyo. Ndi ya ntchito yomwe simunagwire, ndipo ŵerengero la tsamba lake limachitika ntchito ikatha ndi kulipidwa.

Ngati mwana wanu kapena inu nomwe mumagwiritsa Excel kapena Google Sheets pafoni, mzere uliwonse ukhale ntchito imodzi: A dzina, B mtundu wa ntchito, C ndalama zolandira, D zogula, E maola. Mu F mulembe:

```
=(C2-D2)/E2
```

Kenako musanje mizere kuyambira yaikulu mu F. Koma kulemba kwa tsiku ndi tsiku kukhalebe m'kope lomwe lili pambali pa makina, chifukwa foni ikatha moto kapena ikakhala m'manja mwa kasitomala woonetsa sitayilo, simulemba.

Sabata imodzi sikwanira kugamula chilichonse, ndipo ntchito imodzi yoipa si umboni woti mtundu wonsewo ndi woipa. Lembani masabata asanu ndi limodzi musanasinthe mtengo uliwonse, ndipo mtundu uliwonse ukhale ndi ntchito zosachepera zitatu zomalizidwa. Zomwe mungayambe mawa osadikira manambala ndi ziwiri: chovala chisatuluke pa shopu ndalama isanathe, ndipo nsalu ya oda yaikulu isadulidwe ndalama yake isanaperekedwe. Muyeso wa K3,600 uja muziuŵerenganso lendi ikakwera, magetsi akakwera, kapena minibasi ya ku Area 25 ikasintha mtengo, ndipo nambala yatsopanoyo muilembe mkati mwa chikuto cha kope kuti muziiona musanatchule mtengo kwa munthu.